Nsapato Ikamapana Chala Chachikulu, Yang'anani Mutu Wake

Pamsika uliwonse wa nsapato, kaya ndi pakaunjika kaya m'sitolo ya m'tauni, funso loyamba limakhala limodzimodzi: "Mumavala saizi chani?" Wogula akatchula nambala, wogulitsa amasanthula mulu n'kutulutsa nsapato. Ikathina m'mbali, yankho limakhala lili kale pakamwa: "Imeneyo itambasuka, mayi, ingoivalani masiku awiri." Apo ayi, "Tengani yokulirapo." Kwa munthu wa phazi lotambalala, makamaka amene fupa la patsinde pa chala chachikulu linatulukira m'mbali, malangizo awiriwa ndi amene amadzaza kunsi kwa bedi ndi nsapato zosavalika, ndalama zitapita kale.

Nambala ya nsapato imanena za kutalika basi. Sinena za kutambalala kwa nsapatoyo, sinena za kuya kwake, ndipo sinena chilichonse za kapangidwe ka mutu wake, kutsogolo kumene kumakhala zala. Koma kumutu kumeneko n'kumene kumayambira matuza, kutupa ndi ululu. Amene wadziwa kuyang'ana mutu wa nsapato amatha kuikana kapena kuilola asanaipondemo n'komwe.

Chimene chimachitika patsinde pa chala

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26. Pakati pa phazi pali mafupa asanu ataliatali amene amayenda mogundizana kuchokera chakumwendo kukafika patsinde pa zala, lililonse ndi chala chake. Fupa loyamba, lonenepa kuposa anzake, limakumana ndi chala chachikulu pamfundo imene imapindika nthawi iliyonse munthu akanyamula chidendene kuti aponye phazi.

Mwa anthu ena, fupa loyambali limayamba kupatuka pang'onopang'ono, n'kumasiyana ndi anzake kulowera kumene kuli phazi linalo. Chala chachikulu nacho chimapendekera mbali ina, kutsamira chala chachiwiri. Pamene ziwirizi zakumana pamapangika ngodya, ndipo mutu wa fupa lija umatulukira kunja n'kumaoneka ngati chotupa cholimba. Kuchipatala vutoli amalitcha baniyoni. Ambiri amaganiza kuti pamera fupa latsopano, koma mbali yaikulu ya chotupacho ndi fupa lakale lomwe lija, langochoka pamalo pake. Madokotala amayeza ngodyayo pachithunzi cha ekisire: chala chopendekera madigiri osapitirira 15 amati chili bwino, koma chikapyola madigiri 40 ndiye kuti vuto lakula kwambiri.

Chala chikangopendekera, misempha imene imachikoka simadutsanso pakati pa mfundo, imadutsa chambali, motero ikamakoka imachipendeketsa koposa. N'chifukwa chake baniyoni simabwerera yokha, ndipo mwa anthu ambiri imanka nikula ndi zaka. Pamwamba pa fupa lotulukalo pali kathumba kamadzi kamene kamateteza mfundo, ndiponso kamtsempha kodziwitsa ululu kamene kamadutsa pansi pa khungu lenilenilo. Nsapato ikamakhula pamenepo, kathumbako kamatupa n'kufiira, kamtsemphako n'kumachititsa dzanzi kapena kutentha m'mbali mwa chala. Ululu wambiri wa baniyoni, makamaka m'zaka zoyamba, umachokera m'kukhulana kumeneku. Ichi n'chifukwa chake munthu yemweyo akavula nsapato n'kuyenda wapansi m'nyumba, amamva bwino.

Vutoli si la anthu ochepa. Mu 2010, akatswiri a ku Australia ataphatikiza zofufuza za m'mayiko ambiri anapeza kuti anthu pafupifupi 23 pa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 18 ndi 65 ali nalo, ndipo mwa opitirira zaka 65 chiwerengero chimafika pafupifupi 36 pa 100. Amayi ndi amene limawagwira kwambiri, kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi abambo.

Kodi ndi zakumtundu kapena ndi nsapato?

Ndi zonse ziwiri. Baniyoni imayenda m'magazi: mukaiona mwa mayi, kawirikawiri mumaipezanso mwa agogo kapena mwa mwana wawo wamkazi. Chimene munthu amatengera ndi kapangidwe ka phazi, monga mfundo zofewa kapena phazi laphwatalala. Matenda ena a nyamakazi nawonso amaiyambitsa. Koma nsapato ili ndi mbali yake yaikulu. Mu 1958, madokotala awiri ku Hong Kong anayerekeza anthu ovala nsapato ndi anthu amene ankayenda wapansi moyo wawo wonse. Mwa ovala nsapato, pafupifupi 33 pa 100 anali ndi chala chopendekera, pamene mwa oyenda wapansi anali pafupifupi awiri okha pa 100.

Umboni wina unachokera m'manda akale a mumzinda wa Cambridge ku England. Mu 2021, ofufuza anafotokoza zimene anapeza m'mafupa a anthu 177. Mwa amene anaikidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi m'ma 1200, anthu 6 okha pa 100 ndi amene anali ndi baniyoni. Mwa a zaka za m'ma 1300 ndi m'ma 1400, nthawi imene nsapato zazitali zosongoka zinatchuka kumeneko, chiwerengero chinafika 27 pa 100. Mtundu wa anthu sunasinthe, chimene chinasintha ndi mutu wa nsapato.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu mwa njira yapadera. Munthu amene anakula akuyenda wapansi kapena m'patapata amakhala ndi phazi lotambalala kutsogolo, zala zake zili zotayana bwino. Limenelo ndi phazi lathanzi, si chilema. Koma nsapato iliyonse imaumbidwa pachikombole, monga momwe njerwa imatengera chikombole chake, ndipo nsapato zambiri zimene zimafika m'misika yathu zinaumbidwa pazikombole zopanikiza kutsogolo. Phazi lotambalala likalowa m'menemo, chimene chimagonja ndi chala.

Malo atatu oyenera kuyang'ana

Anthu akamati nsapato ndi yaikulu m'mbali, amasakaniza zinthu zitatu zosiyana.

Choyamba ndi kutambalala kwa pamfundo, kuchokera patsinde pa chala chachikulu kukafika patsinde pa chala chaching'ono. Apa ndi pamene phazi limatambalala koposa, ndipo ndi pamene pamakhala baniyoni. Makampani ena amalemba chilembo chosonyeza kutambalala kumeneku pafupi ndi nambala, kawirikawiri kunsi kwa lilime la nsapato. Pa nsapato zoyezedwa mwa Chimereka, B ndi ya amayi ya masiku onse ndipo D ndi yotambalala. Kwa abambo, D ndi ya masiku onse, 2E ndi yotambalala, 4E ndi yotambalala kwambiri. Pa nsapato zambiri za ku Britain, F ndi yapakati, G ndi H ndi zotambalala. Pakaunjika zilembozi zimapezeka ndithu, kungoti ambiri sazilabadira.

Chachiwiri ndi kapangidwe ka mutu weniweniwo, kuyambira pamfundo kupita kunsonga. Nsapato itha kukhala yotambalala bwino pamfundo, yolembedwa 2E, koma n'kuyamba kupanikiza msangamsanga ikangodutsa pamenepo. Yoteroyo imasiyira malo chotupa koma imakankhabe chala chachikulu kuti chitsamire anzake.

Chachitatu ndi kuya, kutanthauza mpata wa pakati pa pamene zala zaponda ndi denga la nsapato. Baniyoni ikakula, chala chachikulu chimalowa pansi pa chachiwiri, chachiwiricho n'kudzuka n'kupindika. Chala chopindika chimafuna denga lalitali, apo ayi chimakhulika pamwamba mpaka kuchita khungu lolimba kapena chilonda.

Mitu ya nsapato ndi zimene imachita

Mutu wosongoka, umene umapezeka pa gogoda zambiri ndi pa nsapato za suti za abambo, umapanikiza mbali zonse ziwiri. Umakankhira chala chachikulu pakati, n'kukankhanso chaching'ono kuchokera mbali inayo, kotero kuti ena amatuluka kachotupa kenanso patsinde pa chala chaching'ono. Pali mtundu wina wofatsa pang'ono, wosongokera koma wozungulira kunsonga kwenikweniko. Umaoneka waulemu, koma ntchito yake ndi yomweyo, kungoti umaichita pang'onopang'ono.

Mutu wozungulira ndi umene umapusitsa anthu ambiri, chifukwa aliyense amauona ngati wabwino. Vuto lake ndi lakuti nsonga yake imakhala pakati, moyang'anizana ndi chala chachiwiri kapena chachitatu, ndipo mbali zonse ziwiri zimakhota mofanana. Phazi silinapangidwe choncho. Mwa anthu ambiri, chala chachitali koposa ndi chachikulu, chimene chili m'mphepete osati pakati. Motero pamene chala chachikulu chikufuna kupitirira chowongoka, khoma la nsapato layamba kale kukhota, ndipo chalacho chimakakamizika kulitsatira. Mutu wozungulira umayenera bwino munthu amene chala chake chachiwiri n'chachitali kuposa chachikulu, ndipo umakhala wabwino pokhapokha ngati kukhotako kwayambira patali, zala zitatha.

Mutu wamakona umapereka malo abwino kwa munthu amene zala zake zitatu zoyamba n'zofanana kutalika. Koma pamafunika kusamala, chifukwa nsapato zambiri zamakona za fashoni zimayamba zapanikiza kaye, kenaka n'kudulidwa kunsonga. Makona akewo amakhala kutsogolo kumene zala sizifikako.

Mutu woyenera phazi lotambalala ndi umene umatsata phazi lenileni. Mbali yake ya m'kati, ya kuchala chachikulu, imayenda pafupifupi mowongoka kuchokera pamfundo mpaka kunsonga. Malo ake otalika koposa ali kumene kuli chala chachikulu, kenaka umatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kuchala chaching'ono. Ena amati nsapato yotere sioneka bwino, koma ndi imene imalola chala kukhala pamene chinalengedwera.

Pali njira yachidule yodziwira zimenezi muli pamsika. Ikani nsapato ziwirizo pansi mogundizana, yakumanja ndi yakumanzere, zikhudzane kuchidendene ndi pamfundo. Tsopano yang'anani mpata umene watsala pakati pa mitu yake. Ngati mitu yatayana kwambiri, mpata n'kutseguka kuyambira pamfundo pomwe, dziwani kuti zala zanu zazikulu zidzakhotetsedwa chimodzimodzi. Ngati mbali ziwirizo zayenda pafupi n'kudzasiyana kunsonga kokha, nsapatoyo ndi yoyenera kuiyesa.

Jambulani phazi musanapite kumsika

Mu 1993, kafukufuku wina ku America anayeza mapazi ndi nsapato za amayi 356, ndipo anapeza kuti 88 pa 100 aliwonse ankavala nsapato zochepa kuposa mapazi awo. Munthu amazolowera kupanidwa mpaka kuiwala kuti nsapato yokwana imamveka bwanji. N'chifukwa chake ndi bwino kudalira muyeso osati kamvedwe kokha.

Pezani katoni yosalala, pensulo ndi lula. Yezani madzulo, chifukwa phazi limafufuma pang'ono munthu akayenda tsiku lonse. Valani sokosi zimene mumavala ndi nsapatoyo, imirirani pakatoni thupi lonse litalemera pamapazi onse awiri, ndipo wina akujambuleni. Pensulo aiimike chilili, asaipendeketsere kunsi kwa phazi, ndipo azungulire bwino chotupacho popanda kuchifinya. Mukajambula muli chikhalire muyeso umachepa, chifukwa phazi limatambasuka likasenza thupi. Jambulani mapazi onse awiri, pakuti kawirikawiri limodzi limaposa linzake, ndipo nsapato imagulidwa potengera lalikululo.

Pachojambulacho yezani zinthu ziwiri: kutalika kuchokera kuchidendene kukafika kunsonga ya chala chachitali koposa, ndi kutambalala kwa pamfundo. Kenaka onjezerani sentimita imodzi, kapena imodzi ndi theka, kutsogolo kwa zala, n'kudula katoniyo ndi sizasi. Chidutswa chimenechi muzipita nacho kumsika. Mukachilowetsa m'nsapato n'kutuluka chitapindika m'mphepete, pamene chapindikapo ndi pamene phazi lanu lidzakhulike. Ngati kansalu kopondapo ka m'kati mwa nsapato kamachoka, katulutseni n'kuimapo. Phazi likasefukira ndi mamilimita awiri kapena atatu pa nsapato yofewa palibe vuto, koma ngati chotupa chonse kapena theka la chala chachikulu lili kunja, ibwezeni.

Chifukwa chake kukweza saizi sikuthandiza

Tiyerekeze mayi wina amene ntchito yake ndi yoimirira tsiku lonse, monga mphunzitsi. Phazi lake ndi lotalika masentimita 24.5. Lakumanzere ndi lotambalala masentimita 9.8, koma lakumanja, limene lili ndi baniyoni, likufika 10.3. Potengera kutalika, saizi yake ndi 39, imene pa manambala a ku Britain ili pafupi ndi 6. Nsapato wamba ya amayi ya saizi imeneyi imapangidwira phazi lotambalala masentimita 9 ndi theka kapena kucheperapo. Ndiye kuti phazi lake lakumanja likusowa malo okwana pafupifupi mamilimita 8.

Wogulitsa akumupatsa 41. Pa manambala amenewa, saizi iliyonse imawonjezera kutalika ndi mamilimita pafupifupi 7, koma kutambalala imawonjezera pafupifupi mamilimita awiri okha. Pokweza masaizi awiri, mayiyu wapeza mamilimita 13 a kutalika amene sankawafuna, ndi mamilimita anayi okha a kutambalala pa 8 amene ankafuna. Pali chinanso choipa. Nsapato ikatalika, malo ake otambalala koposa amasunthira kutsogolo pafupifupi sentimita yathunthu. Chotupa chija tsopano chakhala kumbuyo kwa malowo, pamene nsapato yayamba kuchepa kulowera m'chiuno mwake, ndipo nsapato ikupindika pamalo osiyana ndi pamene phazi likupindika. Kuchidendene nako kwakhwepa. Akamayenda, phazi likutsetserekera kutsogolo n'kukadzipanikiza kumutu, zala zikukanirira kuti nsapato isavuke. Pofika madzulo ali ndi thuza kuchidendene, ndipo chotupa chili chofiira monga kale.

Tsopano ayese njira ina. Atenge katoni yake n'kuyesa nsapato zitatu za saizi 39 kapena 40. Yoyamba ndi yapulasitiki yonyezimira, yopanda zingwe, ya mutu wozungulira: katoni ikukana kulowa pamfundo pomwe, ndiye nkhani yathera pomwepo. Yachiwiri ndi yachikopa yolembedwa D, yotambalala bwino pamfundo: katoni yalowa, koma yatuluka itapindika pangodya ya chala chachikulu, kusonyeza kuti mutu ukukhota msanga. Yachitatu ndi yazingwe, yochokera pamulu wa nsapato za abambo, ya chikopa chofewa, mbali yake ya m'kati yowongoka: katoni yalowa n'kugona bwinobwino. Nsapato za abambo zimaumbidwa motambalala kuposa za amayi za kutalika komweko, choncho mayi wa phazi lotambalala asachite manyazi kuyang'ana kumeneko. Chofunika kuonetsetsa ndi chakuti chidendene chisakhale chikutuluka, pakuti nsapato za abambo zimakhalanso zazikulu kumbuyo. Zingwe zikamangidwa bwino mpaka bowo lomaliza, kawirikawiri vutoli limatha.

Pali malire amene tiyenera kuwanena. Ngati chala chinapendekera kale kwambiri n'kuuma, mbali yowongoka ya nsapato sichibweza. Kwa munthu wotere, chofunika koposa ndi malo a pamfundo, kuya kwa mutu, ndi kufewa kwa chimene chakuta chotupacho. Komabe mutu wowongoka umathandiza chifukwa suwonjezera kukankha, ndiponso umasiya mpata woika kampira kofewa kolekanitsa zala. Kampira kameneka kakaikidwa m'nsapato yothina kamangowonjezera kupanikizika.

Chikopa, misoko ndi zingwe

Mutu ukakhala woyenera, lowetsani dzanja m'kati n'kupapasa pamene chotupa chidzakhale. Pasakhale msoko, pasakhale m'mphepete mwa chigamba, pasakhale chokongoletsera cholimba. Nsapato zambiri zamasewera zili ndi timizere tapulasitiki tomatidwa m'mbali, ndipo kamzere kamodzi kodutsa pachotupa kamakwana kuononga nsapato yonse. Msoko sutambasuka ngakhale chikopa chozungulira chitafewa.

Mawu aja akuti "itambasuka" ndi oona pa chikopa chenicheni ndi nsalu yoluka, ndipo ngakhale pamenepo ndi mamilimita ochepa chabe. Pulasitiki ndi chikopa chopanga chonyezimira sizitambasuka mokwanira. Chimayamba kugonja ndi khungu lanu. Ngati nsapato yachikopa ikukwana paliponse koma ikupana pachotupa pokha, musaitambasule ndi phazi lanu. Ivaleni, lembani ndi choko pamene pakupanapo, n'kupita nayo kwa wosoka nsapato kuti afewetse malowo ndi kuwatukumula ndi chikombole, aisiye usiku wonse. Atambasule pamalo okhawo, osati nsapato yonse, kuti kwina isakhwepe.

Zingwe zimathandiza kwambiri chifukwa zimagwira phazi pakati, zala n'kukhala zomasuka. Nsapato yongolowetsa imadalira kuthina kuti isavuke, ndipo kuthinako kumagwera pamfundo. Mwa nsapato zazingwe, sankhani imene mapiko ake awiri okhala ndi mabowo ndi otseguka kumunsi, chifukwa imalola kumasula mpaka pafupi ndi zala. Mungathenso kudumpha bowo loyamba la kumbali ya chotupa, chingwe n'kuyambira pa lachiwiri, ndipo mudzamva kupepuka nthawi yomweyo.

Chidendene chachitali chimaononga zonsezi. Gogoda imakankhira thupi kutsogolo n'kutsetseretsa phazi kumutu, motero ngakhale mutu wotambalala umasanduka wothina. Pa nsapato ya tsiku ndi tsiku, chidendene chisapitirire masentimita atatu kapena anayi. Gogoda ya paukwati ivalidwe maola ochepa, ina yabwino ili m'chikwama.

Amene amavala jombo za chitsulo kumutu akumbukire kuti chitsulo sichitambasuka ngakhale pang'ono. Papasani pamene chitsulocho chathera: ngati m'mphepete mwake mwagwera pachotupa kapena pambali pa chala, pemphani mtundu wina wotambalala, osati nambala yokulirapo. Masandasi a malamba omanga ndi abwino nthawi yotentha, bola lamba adutse kutsogolo kapena kumbuyo kwa chotupa, osati pamwamba pake. Pogula ya kaunjika, yang'anani ngati inatupa kale mbali ina potsata phazi la mwini wake woyamba, ndiponso ngati nsalu ya m'kati inang'ambika, chifukwa m'mphepete mwa chibowo mumakhula khungu.

Khungu limanena pamene palakwika

Poyesa nsapato, valani zonse ziwiri, mangani zingwe, imirirani, ndipo yendani kwa mphindi zingapo. Zala zonse zizitha kugwedezeka, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu chakudzanja chogoneka. Yesani kutsina chikopa pamwamba pa mfundo: chikagwirika pang'ono ndiye kuti malo alipo, koma chikakhala chokokeka mpaka chotupa kuonekera kunja, nsapatoyo ndi yothina. Mukafika nayo kunyumba, ivaleni ola limodzi, kenaka vulani sokosi n'kuyang'ana phazi.

Kufiira pachotupa penipeni kukusonyeza kuti pamfundo n'pochepa, kapena pali msoko. Kufiira m'mbali mwa chala chachikulu chakunsonga, pafupi ndi chikhadabo, kukusonyeza kuti mutu ukukhota msanga, ndipo nsapato yotere imathanso kulowetsa chikhadabo m'mnofu. Kufiira pamwamba pa chala chachiwiri ndi chizindikiro cha denga lalifupi. Khungu loyera lofewa ndi lopweteka pakati pa zala limabwera zala zikafinyidwa pamodzi. Thuza la kuchidendene limatanthauza kuti nsapato ndi yaitali kapena yokhwepa. Kufiira kumene kukuzimiririka msanga si koopsa, koma kumene kukukhalabe patapita mphindi 20 kapena 30 kukuchenjeza kuti pamenepo padzabuka chilonda.

Makolo achite chimodzimodzi ndi nsapato za sukulu. Mwana sadandaula msanga, ndipo phazi lake limakula nsapato isanathe. Poyamba pa teremu iliyonse, muyang'aneni zala ndi mpata wa kutsogolo, makamaka ngati baniyoni ilipo kale pamtundu.

Pamene nsapato yokha sikwanira

Nsapato yoyenera imachepetsa ululu ndipo imachotsa chimodzi mwa zinthu zokulitsa vuto, koma siwongola fupa limene linapatuka kale. Zomangira chala za usiku nazonso zimatha kupepuza ululu, koma chala chimabwerera pomwe chinali zikangochotsedwa. Chimene chimawongola fupa ndi opaleshoni yokha, imene dokotala amadula fupalo, kulisunthira m'malo mwake n'kulimanga ndi tizitsulo. Munthu amatha pafupifupi milungu isanu ndi umodzi akuvala nsapato yapadera, kutupa kumatenga miyezi, ndipo nthawi zina baniyoni imabwereranso. Madokotala amaichita chifukwa cha ululu umene wakanika njira zina, osati pofuna kukongoletsa phazi.

Si kutupa kulikonse kwa pamfundoyi kumene kuli baniyoni. Ngati patupa mwadzidzidzi usiku umodzi, patentha, pafiira, ndipo pakupweteka ngakhale pongokhudzidwa ndi nsalu, itha kukhala nyamakazi ya gauti kapena tizilombo talowa m'mfundo, ndipo kusintha nsapato sikungathandize. Ngati chotupa chili pamwamba osati m'mbali, chala n'kumakanika kupindika, ndiye kuti mfundo yaperepeseka, ndipo pamafunika nsapato yakuya ya soli yolimba.

Odwala matenda a shuga ndi amene ayenera kusamala koposa. Shuga imatha kupha mitsempha ya kuphazi, munthu osamvanso kuti nsapato ikumupana, mpaka thuza laling'ono kusanduka chilonda chosapola chimene chingadulitse mwendo. Wodwala shuga asadalire kamvedwe poyesa nsapato. Adalire katoni, ndipo aziyang'ana mapazi ake tsiku lililonse, pamwamba, pansi ndi pakati pa zala. Asadule khungu lolimba ndi lumo, ndipo asamate mankhwala owotcha khungu. Akaona thuza, kufiira kosatha kapena chilonda pachotupa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa ena tonse, ntchito ndi yochepa ndipo siilira ndalama. Jambulani mapazi anu madzulo ano, dulani katoni, ndipo muziyenda nayo pokagula nsapato. Gundizani mitu muone mpata, papasani misoko, yendani nayo musanalipire. Nsapato imene ikupana chala chachikulu pamsika idzachipanabe kunyumba, choncho isiyeni pomwepo ngakhale mtengo wake utatsika bwanji.